Zitini zozungulira m'bokosi: ndi malo ochuluka bwanji amene amapita pachabe?

Omvera ndi owerenga athu amene mumaoda katundu ku Tete n'kukagulitsa ku Ulongwe kapena ku Furankungo mukudziwa kuti wagalimoto amalipiritsa bokosi lonse. Sayang'ana ngati m'katimo mwadzaza kapena muli mipata. Tsono mukalongedza zitini za mkaka, za tomato kapena za penti, pakati pa zitinizo pamatsala timipata. Kodi mpweya umene mukulipirawo ndi wochuluka bwanji?

Tiyeni titenge bokosi la mbali zinayi zofanana, lotalika masentimita 30 mbali iliyonse poyeza m'kati mwake. Pansi pa bokosili pali timabwalo 900 ta sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi, chifukwa 30 × 30 = 900. Chitini chathu n'chotambalala masentimita 10 pakamwa. Tikandanditsa bwino, tipeza mizere 3 ya zitini 3, zonse pamodzi 9.

Kuti tidziwe malo amene chitini chimodzi chikhalapo, timayeza kuchokera pakati pake kufika m'mphepete, apa ndi masentimita 5. Nambalayi timaichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako ndi 3,14, nambala ija kusukulu amailemba π. Choncho 5 × 5 × 3,14 = 78,5. Zitini 9 zitenga timabwalo 706,5, ndipo totsala ndi 193,5. Tikagawa 193,5 ndi 900 tipeza kuti malo 21,5 pa 100 alionse apita pachabe. Kunena mwachidule, pa mabokosi 5 amene mwalipira, malo opitirira pang'ono bokosi limodzi anyamula mpweya. Izi zili choncho ngati zitini zikulekeza pamwamba penipeni pa bokosi. Zikafupika, mpata umawonjezeka.

Ambiri amaganiza kuti tizitini ting'onoting'ono timadzaza bwino, popeza timipata take timaoneka tochepa. Tiyese. M'bokosi lomwelo tiikemo tizitini totambalala masentimita 5. Tikwana mizere 6 ya tizitini 6, tonse 36. Kalikonse katenga 2,5 × 2,5 × 3,14 = 19,625, ndipo tikachulukitsa ndi 36 tipezanso 706,5. Palibe chasintha.

Chifukwa chake n'chakuti chitini chilichonse chimakhala ngati chili m'kachipinda kakekake ka ngodya zinayi. Chimakhudza makoma onse anayi koma sichifika m'ngodya. Kachipindako kakule kapena kachepe, ngodyazo zimadya gawo lomwelo. Tizitini tikachepa, mipata imachepa kukula koma imachuluka nambala.

Nanga palibe njira ina yolongedzera? Ilipo, ndipo ndi imene njuchi zimatsata pomanga zisa. Mzere wachiwiri mumausuntha pang'ono kuti chitini chilichonse chilowe pakati pa ziwiri za mzere woyamba. Mizere imayandikana kwambiri, ndipo pa malo aakulu zedi zopita pachabe zimatsika kufika pafupifupi 9,3 pa 100. Koma bokosi lili ndi makoma, ndipo mzere uliwonse wosunthidwa umataya chitini chimodzi kumapeto.

N'chifukwa chake m'bokosi laling'ono njirayi imaluzitsa. M'bokosi lathu la masentimita 30, tizitini ta masentimita 5 tikhalabe mizere 6, itatu ya 6 ndi itatu ya 5. Tonse ndi 33, pamene poyamba tinakwana 36. Koma tengani bokosi la masentimita 40. Mizere yowongoka ikupatsani 8 × 8 = 64. Mukasuntha, mizere imakwana 9: isanu ya tizitini 8 ndi inayi ya 7, tonse 68. Mwapindula tizitini 4, ndipo malo otayika atsika kufika 16,6 pa 100. Choncho werengani mzere woyamba: ngati zitini 8 kapena kuposa zikukwana ndendende, yesani njira ya njuchi. Zikakhala 7 kapena kucheperapo, mizere yowongoka ndiyo yabwino.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza mawerengedwe. Choyamba ndi kugwiritsa ntchito kutambalala konse kwa chitini m'malo mwa theka lake. Mudzazindikira msanga, chifukwa yankho lidzati zitini n'zazikulu kuposa bokosi. Chachiwiri ndi bokosi losagwirizana ndi zitini. La masentimita 33 limalandirabe zitini 9 zokha za masentimita 10, koma malo opita pachabe amakwera kufika 35 pa 100. Chizindikiro chake n'chakuti mukagwedeza bokosi zitini zimagundana, ndipo pa msewu wa mabampu zimafika zitaphwanyika m'mbali.

Musanagule mabokosi, yezani m'kati mwake, osati kunja, ndipo chitini muchiyeze pamene chatambalala kwambiri, pa mkombero wa chivindikiro. Masentimita 3 okha angathe kukulipiritsani malo ambiri amene simunanyamulemo kanthu.