Kalata yosiyira mnzako ntchito popita ku tchuthi

Wantchito amene watsala pang'ono kupita ku tchuthi amatumizira mnzake womugwirizira ntchito mauthenga ambirimbiri. Wina ndi wa pa WhatsApp usiku, wina ndi wa mawu ojambula ali m'minibasi, ndiye pali kapepala komata pa kompyuta ndi imelo yopanda mutu. Mauthengawa amabwera monga mmene wolembayo akukumbukira zinthu, osati monga mmene ntchitoyo idzafunikire kugwiridwa. Kalata yosiyirana ntchito imasonkhanitsa zonsezo pa tsamba limodzi, kuti wotsalayo asamaimbe foni kumudzi tsiku lililonse.

Choyamba ndi kukopera uthenga uliwonse pamalo amodzi, pamodzi ndi tsiku ndi ola limene unatumizidwa. Tsikulo ndi lofunika chifukwa mauthenga otere amatsutsana. Mwachitsanzo, kalaliki wa maakaunti pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira angalembe Lolemba kuti, "Wa simenti uja alipidwe Lachisanu." Lachitatu n'kulembanso kuti, "Za simenti zija dikirani kaye, matumba anaperewera." Amene waona uthenga woyamba wokha alipira ndalama zonse. Uthenga womaliza ndiwo umatsatidwa, koma kalalikiyo asanachoke afunsidwe ngati wachiwiriwo ukufafaniza woyamba kapena ukungoimitsa malipiro.

Kenaka mawu onse amene amamveka kwa mwini wake yekha amasulidwe. Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. "Uja", "zija", "bwana" ndi "mawa" ndi mawu abwinobwino pocheza, koma m'kalata yowerengedwa patapita sabata sathandiza. "Mawa" alembedwe ngati deti. "Bwana" atchulidwe udindo wake, popeza woyang'anira nthambi ndi mkulu wa zachuma onse ndi mabwana koma sasaina zinthu zofanana. Nkhani ya simenti ija ikalembedwa bwino imaoneka chonchi: "Invoisi ya wogulitsa simenti ndi ya matumba 200, koma anafika 180. Musalipire mpaka matumba 20 otsalawo atafika ndipo wa kusitolo atasaina kuti walandira. Akapanda kufika pofika pa 20, uzani mkulu wa zachuma, ndiye angalamule zolipira 180 okhawo. Invoisiyo ili mu fayilo yobiriwira, m'dirowa yachiwiri." M'mizere yochepayi muli pamene nkhani yafika, chimene chikudikiridwa, tsiku lomaliza, mwini chigamulo ndi kumene kuli mapepala. Nkhani iliyonse yosatha iyenera kuyankha mafunso amenewa.

Mndandanda wa m'kalatayo utsate masiku, zofulumira zikhale pamwamba. Pali ntchito zina zimene sizipezeka n'komwe m'mauthenga, chifukwa mwini wake anazizolowera moti saziona ngati nkhani. Ku Malawi kuno msonkho wa PAYE umayenera kufika ku Malawi Revenue Authority pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo VAT pofika pa 25. Kalaliki amene wachita zimenezi zaka zambiri sangaganize zozilemba, komabe tchuthi chikadutsa masiku amenewo, chilango cha kuchedwa chimagwera kampani. Njira yabwino yozitulukira ndiyo kutsegula kalendala ndi kuyenda tsiku ndi tsiku m'nyengo yonse ya tchuthiyo, n'kumafunsa kuti tsiku ngati limeneli mwezi watha kunachitika chiyani.

Kalatayo inenenso zimene wogwirizirayo asakhudze. Kasitomala wopempha kuchotseredwa mtengo, kapena ngongole imene ikukambidwabe, zingathe kudikira mwini wake. Kulemba kuti "izi zisiyeni mpaka ndibwere" kumamuchotsera mnzakeyo mantha, ndiponso kumateteza kuti asalonjeze zimene alibe nazo mphamvu.

Mawu achinsinsi olowera mu kompyuta kapena ku banki asalembedwe m'kalatamo, ngakhale atapezeka m'mauthenga aja. Wogwirizira apatsidwe chilolezo chakechake kudzera kwa oyang'anira makompyuta, ndipo ayese kulowa mwini ntchito asanachoke. Vuto lodziwika ndi la nambala yotsimikizira imene banki imatumiza pa foni. Ngati imapita pa foni ya amene ali ku tchuthi, malipiro onse aima, ndipo zimenezi zimadziwika pa tsiku lolipira lenilenilo. Madandaulo ndi miseche yokhudza anthu ena, imene imalowerera m'macheza a pa foni, isiyidwe kunja, chifukwa kalatayi amaiwerenganso akuluakulu.

Kalata ikatha iyesedwe. Awiriwo akhale pansi kutatsala masiku awiri kapena atatu, wogwirizirayo awerenge yekha n'kufotokoza zimene adzachite tsiku loyamba. Paliponse pamene wafunsa kuti "uyu ndi ndani?" kapena "chili kuti?" ndiye kuti pali mpata, ndipo yankho lilembedwe m'kalatamo, lisangonenedwa pakamwa. Pansi pake palembedwe tsiku lobwerera, ndi mtundu wa vuto limene lingachititse kuti wa ku tchuthiyo aimbiridwe foni. Kope limodzi lipite kwa woyang'anira onse awiri.