Timadontho ta magazi pakati pa mwezi

Mayi wamaliza kusamba, papita sabata ndi masiku angapo, kenaka waona kadontho kofiirira pa kabudula wamkati. Ambiri mtima umagunda poganiza kuti m'mimba mwavuta. Koma kwa amayi ena timagazi totere timangosonyeza kuti dzira lakhwima ndipo likutuluka m'thumba lake.

Dzira likamakhwima, homoni yotchedwa esitirojeni imachuluka n'kukhuthalitsa kansalu ka m'kati mwa chiberekero. Nthawi yoti dzira lituluke ikakwana, homoniyi imatsika mwadzidzidzi, pamene inzake ya pulojesiteroni, yomwe imagwiriziza kansaluko, isanakwere mokwanira. Pa kampata kameneka kansalu kaja kamasupuka pang'ono. Magazi ake ndi ochepa, osadzaza padi, ndipo amatha tsiku limodzi kapena awiri. Nthawi zambiri amasakanikirana ndi chikazi choterera, chonanda ngati choyera cha dzira laliwisi, n'chifukwa chake amaoneka otuwirako kapena oderako. Ena amamvanso kulasa mbali imodzi ya chinena.

Choweruza nkhaniyi ndi kalendala. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, choncho kuwerenga kwake ndi kobwerera m'mbuyo. Tinene kuti mayi amasamba pakatha masiku 30 aliwonse, ndipo wayamba pa 1 Juni. Msambo wina ubwera pa 1 Julayi, ndiye kuti dzira lituluka cha pa 17 Juni. Kadontho ka pa 16 kapena pa 18 kakugwirizana ndi zimenezi. Ka pa 8 kapena pa 25 kali ndi chifukwa china. Ndi bwino kulemba masikuwa kwa miyezi itatu, chifukwa kungoloweza pamtima kumanamiza. Tinenenso kuti amenewa ndi masiku otenga mimba mosavuta. Timagazito si chizindikiro choti m'nyumba mulibe chiopsezo.

Kuwerengaku sikuthandiza kwa amene ali pa jakisoni kapena mapiritsi olera. Njirazi zimaletsa dzira kutuluka, ndipo kudontheza kwake n'kwa mankhwalawo, makamaka miyezi yoyambirira.

Pali magazi ena osafunika kuwerengera masiku. Akamabwera mukatha kugonana, akamadzaza padi, akapitirira masiku atatu, kapena akatsagana ndi fungo, kutentha thupi, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi mayi amene anasiya kusamba: ngakhale kadontho kamodzi n'kokapimitsa. Ku Malawi kuno khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ikutsogola pa khansa za amayi, ndipo kuyeza kwake kopaka viniga pa khomolo kumangotenga mphindi zochepa. Okhala m'mbali mwa nyanja akumbukirenso likodzo, lomwe limatha kuchititsa zilonda kumaliseche.

Ngati msambo wachedwa, kenaka n'kuyamba kudontheza ndi ululu waukulu mbali imodzi kapena chizungulire, musadikire kuti kuche. Mwina mimba yakhala m'njira ya dzira, kunja kwa chiberekero, ndipo njirayo ikaphulika magazi amatayikira m'mimba.