Kukonzanso masilaidi akale odzaza ndi mawu

Masilaidi akale a PowerPoint sasowa. Pamwamba pamakhala mutu wa liwu limodzi, pansi pake mizere 8 kapena 10 ya zilembo zing'onozing'ono, pakona kachithunzi kongokometsera. Vuto lake ndi lakuti maso amathamanga kuposa pakamwa: omvera amamaliza kuwerenga wolankhula asanafike pamzere wachitatu, ndipo amasiya kumumvera.

Ntchito yowakonzanso imayambira pa mawu. Wokonza amasunga kaye kope la fayilo yakaleyo, kenako amawerenga silaidi iliyonse n'kulemba papepala chiganizo chimodzi chonena zomwe omvera ayenera kutolapo. Silaidi imene yatulutsa ziganizo ziwiri imagawidwa pawiri. Imene yakanika kutulutsa chiganizo imachotsedwa. Apa ndi pamene pamavuta, chifukwa mwini lipoti amaona ngati mzere uliwonse ndi wofunika.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Kalabu ya alimi a mtedza ili ndi lipoti la pachaka, ndipo silaidi ina ili ndi mutu wakuti "Zokolola", mfundo 9 ndi tebulo la zaka zisanu. Munthu akaziwerenga mofatsa, nkhani yake ndi imodzi: matumba anatsika kuchoka pa 800 kufika pa 520 chaka chimene mbewu inabwera mochedwa. Mutu watsopano ukhala wakuti "Mbewu itachedwa, zokolola zinatsika ndi matumba 280". Mutu wotere umanena nkhani yonse, moti ngakhale amene wakhala kumbuyo kwa holo amaimva. Mfundo 9 zija sizitayidwa. Zimasamutsidwira m'bokosi la Notes, pansi pa silaidi, ndipo pa nthawi ya msonkhano wolankhula yekha ndi amene amaziona palaputopu yake kudzera mu Presenter View.

Tebulo lija limasanduka girafu ya mipiringidzo isanu, umodzi pa chaka chilichonse. Mipiringidzo inayi imapakidwa mtundu wotuwa, ndipo wa chaka chovutacho wokha ndi umene umapatsidwa mtundu wowala, kuti diso ligwere pomwepo. Nambala imalembedwa pamwamba pa mpiringidzo uliwonse, mizere ya kumbuyo n'kufufutidwa. Mipiringidzo iyenera kuyambira pa 0. Ikayambira pa 500, kutsika kuja kumaoneka ngati zokolola zinatheratu, ndipo kumeneko ndi kunamiza anthu. Magirafu otukuka a 3-D, amene ankakondedwa kale, amasokoneza kutalika kwa mipiringidzo ndipo ndi bwino kuwasiya.

Mawu akakhazikika ndi pamene maonekedwe amakonzedwa. Masilaidi ambiri akale ndi a muyezo wa 4:3, pamene kuyambira PowerPoint 2013 atsopano amabwera a 16:9, otambalala ngati wailesi yakanema ya masiku ano. Muyezowu umasinthidwa pa Design, kenako Slide Size. Ukasinthidwa, zinthu zimatha kuunjikana pakati, ndipo chizindikiro cha bungwe nthawi zina chimakokeka n'kuoneka chonenepa, choncho silaidi iliyonse imafunika kuionanso.

Zilembo ndi mitundu zimasinthidwa kamodzi kokha mu Slide Master, yomwe imapezeka pa View. Zimene zasinthidwa mmenemo zimafika pa masilaidi onse. Ngati silaidi ina yakana kusintha, ndiye kuti wina anaikonza pamanja: batani la Reset limaibwezera m'chimake, koma mawu omwe analembedwa m'mabokosi ongowonjezera amafunika kuwasamutsa. Mtundu umodzi kapena iwiri ya zilembo ndi yokwanira. Guy Kawasaki, yemwe anagwirapo ntchito ku Apple, amalangiza kuti zilembo zisachepere mapoyinti 30; ena amalola 24. Mawu akakana kukwana pa kukula kumeneku, chochepetsa ndi mawuwo, osati zilembo.

Chithunzi chimalowa ngati chikuonetsa chinthu. Chithunzi chenicheni cha matumba a kalabuyo ali m'nyumba yosungiramo chimaposa cha pa intaneti cha anthu ovala masuti akugwirana chanza. Pochikulitsa amakoka pakona, osati m'mbali, kuti nkhope zisapindike. Fayilo ikalemera ndi zithunzi za pafoni, Compress Pictures imaipepula.

Chomaliza ndi kuyesa. Mu Slide Sorter masilaidi onse amaoneka ang'onoang'ono pamodzi, ndipo kuwerenga mitu yokha motsatana kuyenera kupereka nkhani yomveka. Pamene yadumpha, pakusowa silaidi. Pulojekita imafooketsa mitundu, makamaka m'chipinda chopanda makatani masana, moti zilembo zachikasu kapena zotuwa pa malo oyera zimazimirira. Wokonza amakaima kumbuyo kwenikweni kwa chipindacho n'kuwerenga. Masilaidi opepukawa sathandiza munthu amene sanabwere ku msonkhano, chifukwa tsatanetsatane ali mu Notes. Wotereyu amatumiziridwa PDF yopangidwa posankha Notes Pages, imene imaika silaidi pamwamba ndi mawu ake onse pansi.