Kusintha chithunzi cha pa sikirini osataya kunyezimira kwa galasi

Pa zithunzi zotsatsa laputopu kapena tivi, nthawi zambiri zimene timaona pa sikirini zinaikidwa pambuyo pojambula. Sikirini yoyaka simvana ndi kamera: mwina imayera mbuu, mwina imatulutsa timizere ta mafundemafunde chifukwa timadontho ta sikiriniyo tasemphana ndi ta kamera. Choncho ojambula amaikapo chithunzi china pa kompyuta. Vuto ndi loti ambiri akachita zimenezi, chithunzicho chimaoneka ngati pepala lomata ndi guluu. Chimene chasowa ndi galasi. Sikirini yeniyeni imakhala ndi kuwala kwa zenera kapena kwa babu konyezimira pamwamba pake, ndipo diso likaona kuti palibe, limakayika pomwepo.

Ntchito yambiri imathera pojambula. Tiyerekeze kuti wogulitsa malaputopu akufuna chithunzi chotsatsira malonda. Azimitse laputopuyo, apukute galasi, ajambule. Sikirini yozimitsa imakhala yakuda, ndipo chilichonse chowala pamenepo ndi kunyezimira kokhakokha, komwe ndi kumene tikufuna kusunga. Aimeko cha pambali pang'ono, apo ayi iye mwini ndi foni yake aonekeramo.

Mu Photoshop, zungulizani sikiriniyo ndi `Polygonal Lasso Tool`, kudina pa ngodya zinayi, kenako dinani `Ctrl+J` kuti gawolo likhale pa leya yakeyake. Bweretsani chithunzi chatsopano, muchiike pansi pa leya imeneyi, ndipo kudzera pa `Edit > Transform > Distort` kokani ngodya zake zikhale ndendende pa ngodya za sikirini. Amene ali ndi GIMP, pulogalamu yaulere ija, agwiritse ntchito `Perspective`. Yambani mwaona muyeso: ma tivi ambiri ndi a 16:9, monga 1920 kwa 1080, pamene malaputopu ena ndi a 16:10. Mukakakamiza china pa chinzake, nkhope zimatalika kapena kufufuma, ndiye ndi bwino kudula chithunzicho musanachikoke.

Tsopano leya ya galasi ili pamwamba ndipo yaphimba zonse. Sinthani kasakanizidwe kake kuchoka pa `Normal` kupita pa `Screen`. Zakuda zizimiririka, zowala zitsala. Masamu ake ndi awa, ngati 0 ndi mdima ndipo 1 ndi kuyera kwenikweni:

```
1 - (1 - a) × (1 - b)
```

Pamene galasi lili pa 0, chithunzi chatsopano chimatuluka monga chilili. Pamene zenera lanyezimira pa 0.3 ndipo pansi pake pali mtundu wa 0.5, yankho ndi 0.65, kuwalako pang'ono. Koma pansipo pakakhala poyera, pa 1, yankho ndi 1 basi, ndipo kunyezimira sikuoneka. Ena amaganiza kuti alakwitsa penapake, chonsecho sikirini yeniyeni imateronso: mumadziona bwino pa tivi filimu ikafika pa mdima, osati pamene yawala. Ngati mukufuna galasi lidziwike, sankhani chithunzi chimene chili ndi malo akuda cha pamene zenera lagwera.

Nthawi zambiri sikirini yozimitsa imatuluka yotuwa m'malo mwa yakuda bii, ndipo kutuwako kumachititsa chithunzi chonse kuoneka ngati chili mu nkhungu. Tsegulani `Levels` pa leya ya galasiyo ndi `Ctrl+L`, mukankhire kakatatu kakuda cha kumanja mpaka nkhunguyo ichepe. Musaithetse yonse. Yerekezani ndi chimango cha laputopu: mdima wa pa sikirini usapose wa chimangocho. Chinanso chimene chimaulula ndi kuthwa. Chithunzi chochokera m'kompyuta chimakhala chosalala ndi chakuthwa kuposa chojambulidwa ndi foni, choncho chifewetseni ndi `Gaussian Blur` wa kadontho kamodzi kapena theka, muwazenso timadontho pang'ono ndi `Add Noise`, kufikira chifanane ndi mabatani a laputopuyo mukachikuza.

Zimavuta ngati anajambula sikirini ili yoyaka. Apa chithunzi chakale ndi kunyezimira zasakanikirana m'timadontho timodzimodzi, ndipo `Screen` sangazisiyanitse: malemba akale amatulukira pamwamba pa chithunzi chatsopano. Ngati zenera linagwera pamalo akuda a chithunzi chakalecho, mungasunge kachigawo kokhako n'kufufuta kwina. Kupanda apo, jambulani nokha kunyezimirako pa leya yatsopano ndi mtundu woyera, mutsatire mbali imene kuwala kukuchokera pa tebulo ndi pa chimango, muchepetse `Opacity` kufika pakati pa 10 ndi 20 peresenti. Ine ndimaona kuti ngati laputopuyo ikadalipo, kuijambulanso itazimitsidwa n'kwachangu kuposa zonsezi.