Duwa la Rozi ndi Mnzake wa mu Fakitale

M'chigwa cha Kazanlak ku Bulgaria, anthu amathyola maluwa a rozi m'bandakucha, m'miyezi ya Meyi ndi Juni, dzuwa lisanauluze fungo lake. Maluwawo amawawiritsa m'madzi, nthunzi n'kudutsa mumpope wozizira monga zimakhalira potcheza kachasu, ndipo timafuta timayandama pamwamba. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafutawa, pamafunika makilogalamu 3,000 mpaka 4,000 a maluwa. N'chifukwa chake kilogalamuyo imagulidwa madola masauzande angapo.

M'mafutawa muli mankhwala oposa 300 osakanikirana. Ochuluka kwambiri ndi awiri, sitironelo ndi jeraniyo, ndipo onsewa mafakitale amawapanga pamtengo wotsika zedi. Jeraniyo wa m'fakitale ndi wa m'duwa ndi chinthu chimodzi. Mphuno siisiyanitsa, khungu nalonso silisiyanitsa. Chimene duwa limaposera fakitale ndi timankhwala tina tochepetsetsa timene timachititsa fungolo kuzama ndi kumasinthasintha pathupi. Wopanga perefyumu akasakaniza mankhwala 10 kapena 20, rozi amamveka ndithu, koma wosakhutitsa mphuno yozolowera weniweni.

Komatu mbewu ilibe lonjezo. Mvula ikavuta kapena kukatentha msanga, mafuta a chaka chino sanunkhira ngati a chaka chatha, mtengonso umakwera. Kampani yofuna kuti botolo lililonse lifanane ndi linzake imadalira za m'fakitale, n'kuthiramo mafuta enieni pang'ono. Kudula kwa mafuta a rozi kumakopanso achinyengo, amene amawasungunula ndi jeraniyo wotchipa. Enieni akazizira amagwirana, chifukwa muli phula la m'duwa, koma chotsimikizira chenicheni ndi makina a mu labotale olekanitsa mankhwalawo limodzilimodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chikhulupiriro chakuti chachilengedwe sichivulaza. M'mafuta a rozi muli mankhwala otchedwa mefilo yujeno, amene anayambitsa khansa pa makoswe oyeserera, motero bungwe la IFRA, loona za chitetezo cha zonunkhiritsa, linaika malire a kuchuluka kwake. Mafuta a begamoti, chipatso cha mtundu wa malalanje cha ku Calabria ku Italy, amawotcha khungu munthu akadzola n'kukhala padzuwa, ndipo banga lakuda limatha miyezi. Opanga osamala amayamba achotsa mankhwala oyambitsa vutoli.

Za m'fakitale nazo zili ndi milandu yake. Liliyo, amene ankanunkhiritsa sopo ndi mafuta odzola kwa zaka zambiri, mayiko a European Union anamuletsa mu 2022 poopa kuti amasokoneza kubereka. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala amodzi savuta kuwayeza ndi kuwachotsa, pamene a m'duwa amabwera onse pamodzi.

Ogula mafuta a mbewu m'timabotolo ting'onoting'ono asadzole osasungunula. Dontho limodzi pa supuni yaing'ono ya mafuta wamba ndi lokwanira, ndipo botolo lisungidwe lotseka, pamthunzi, chifukwa mafuta okalamba ndi mpweya ndiwo amayabwitsa kwambiri.