Dimba la pasukulu liziyambira pa kuwerengera madzi

M'sukulu zambiri za pulayimale dimba limabadwa m'mutu mwa mphunzitsi. Iye amaloza malo, amatchula mbewu, ndipo ana amabwera ndi makasu kudzagwira ntchito yomwe wina waiganizira kale. Ndiwo zimatha kumera ndithu, koma chomwe mwana watolapo n'chochepa, pakuti kugwira khasu anakudziwira kwawo. Mphunzitsi amene akukonza phunziro la milungu ingapo loti ophunzira ajambule okha pulani ya dimba ayenera kuwasiyira mbali yovuta ija, ya kusankha ndi kupereka zifukwa. Ndipo pa zonse zimene angasankhe, chomwe chiyenera kutsogola ndi madzi, chifukwa ndiwo amalamula kukula kwa dimba, mtundu wa mbewu, ngakhale malo ake.

Tiyerekeze kalasi la Sitandade 7 la ana 96, logawidwa m'magulu 12 a ana asanu ndi atatu. Sukulu yapereka malo a mamita 10 m'lifupi ndi mamita 15 m'litali, ndipo mjigo uli pa mtunda wa mamita 150. Mlungu woyamba ndi woyeza: chingwe chomangidwa mfundo pa mita iliyonse n'chokwanira. Gulu lililonse lijambule malowo m'kope, sentimita imodzi kuimira mita imodzi, lilembenso pomwe mthunzi wa mitengo ndi wa makalasi umagwera m'mawa, masana ndi madzulo, komwe kuli zimbudzi, ndi njira yomwe mbuzi zimadzera. Akayika mabedi a mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, ndi tinjira ta masentimita 50 pakati pake ndi m'mbali mwake, apeza kuti mabedi 6 akukwana pamzere umodzi, mizere iwiri ikupereka mabedi 12, ndipo kumapeto kukutsala mamita 3.5 a nazale ndi mulu wa kompositi. Ana adzakondwa, chifukwa gulu lililonse laona bedi lake.

Chimwemwe chimenechi chiyenera kuyesedwa m'mlungu wachiwiri. M'nyengo yopanda mvula ndiwo zamasamba zimafuna pafupifupi malita 5 pa sikweya mita tsiku lililonse, kuposerapo kukatentha kapena pamchenga. Bedi limodzi lili ndi masikweya mita 5, choncho limamwa malita 25. Mabedi 12 ndi malita 300, kapena kuti ndowa 15 za malita 20, ndipo ulendo uliwonse wopita ku mjigo ndi kubwerako ndi mamita 300. Pophatikiza, kalasi likhala likuyenda makilomita 4.5 tsiku ndi tsiku, theka la mtundawo litasenza madzi, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Kenaka ana apite akaone okha mjigowo: ayeze nthawi yodzaza ndowa imodzi, awerenge anthu a m'mudzi odikira pamzere, afunse a komiti ya mjigo kuti sukulu ingatunge madzi ochuluka bwanji popanda kukangana ndi amayi otunga madzi akumwa. Yankho likakhala ndowa 8, ndiye malita 160, okwanira mabedi 6 ndi kanazale kakang'ono. Malo akulola mabedi 12 koma madzi akulola 6, ndipo phunziro lonse lagona pa kusiyana kumeneku. Gulu lina lidzachepetsa mabedi, lina lidzanena kuti liphimbira nthaka ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathe msanga, lina lidzapempha kuti dimba lisendere kufupi ndi mjigo kuti madzi otayikira pansi azilowera m'ngalande. Mayankho onsewa ndi omveka, bola gulu lionetse masamu ake.

Chachiwiri chomangira pulani ndi kalendala ya sukulu. Teremu yachitatu imayamba mvula ikutha n'kutsekera mu Julaye, nyengo yozizira imene mpiru, repu ndi tchainizi zimachita bwino. Mbewu zimenezi zimakhala pa nazale milungu itatu kapena inayi, ndipo patatha pafupifupi mwezi chiokereni munthu amayamba kuthyola. Bonongwe amafulumira kuposa pamenepa. Tomato, amene ana ambiri adzamufuna chifukwa amagulitsika, amatha mwezi pa nazale ndi miyezi ina iwiri kapena itatu asanapse, kotero amapsa sukulu itatsekedwa, mabedi alibe wothirira. Mwana akawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lotsekera, amazindikira yekha zimenezi popanda womuletsa. N'chifukwa chake ndikuona kuti kujambula pulani kuyenera kuchitika m'teremu yachiwiri, mvula ili mkati. Nthawi imeneyo ana amaona ndi maso pomwe madzi amadikha ndi pomwe amakokolola nthaka, udzu ndi masamba a kompositi zimapezeka paliponse, ndipo muluwo umakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu yoti uwole.

Ena adzati izi n'kudya nthawi ya silabasi pomwe ana akuyandikira mayeso a Sitandade 8. Koma kuyeza utali, kupeza kukula kwa malo, kujambula motsata sikelo ndi kuwerengera malita ndi masamu a m'kalasi omwewo, ndipo nthaka, manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu ndi mitu ya phunziro la ulimi. Chofunika n'chakuti aphunzitsi a maphunziro awiriwa akhale pansi teremu isanayambe, agwirizane kuti mitu imeneyi iphunzitsidwe m'milungu yomweyo. Akapanda kutero, dandaulo lija limakhala loona, chifukwa ntchito ya dimba imasanduka katundu wowonjezera pa mapewa a mphunzitsi mmodzi.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la kuchuluka kwa ana. Chiyambireni maphunziro a ulere a pulayimale mu 1994, makalasi odzaza ndi chinthu chozolowereka, ndipo m'gulu la ana asanu ndi atatu n'chapafupi kuti awiri ajambule, ena n'kumangoonerera. Chithunzi chokongola chopachikidwa pakhoma sichiulula zimenezi. Njira yodziwira ndi kufunsa mwana aliyense payekha funso limene pulani sinayankhe: mjigo utawonongeka kwa masiku atatu, ndi bedi liti lomwe ungapulumutse, ndipo chifukwa chiyani? Aliyense alembe yankho lake pa tsamba limodzi. Amene anangokopera adzatchula mbewu yomwe amaikonda. Amene anaganiza adzatchula nazale, chifukwa mbande zazing'ono mizu yake ndi yosazama ndipo zimafota msanga. Malikisi ambiri apite ku tsamba limeneli ndi ku masamu a madzi, osati ku kukongola kwa chojambula, ngakhalenso ku zokolola, zomwe mbuzi imodzi yoboola mpanda ingathe kuzimaliza usiku umodzi.

Nanga ana akalakwitsa? Zolakwa zina mphunzitsi azilole kuti zifike pa tsiku loonetsa mapulani. Gulu likalemba kuti likachotsa mpiru lidzabzala repu pabedi lomwelo ngati kasinthasintha, anzawo alifunse, mpaka lizindikire kuti mbewu ziwirizi ndi za banja limodzi ndi kabichi ndi tchainizi, zogwidwa ndi nsabwe ndi mbozi zofanana, ndipo kuti nyemba kapena anyezi ndizo zikanayenera kutsatira. Tsiku limeneli pakhale a komiti ya sukulu, a komiti ya mjigo ndi mlimi wa kudimba wodziwika m'deralo, ndipo pulani yosankhidwa ilimidwedi m'teremu yachitatu. Ana akadziwa kuti mphunzitsi ali nayo kale pulani yake m'thumba, sadzavutikanso kuwerenga ndowa. Pulaniyo isavomerezedwe isanatchule amene adzathirira Loweruka ndi Lamlungu, amene adzamanga mpanda mbande zisanaokeredwe, ndi komwe ndiwo kapena ndalama zake zidzapita. Pakhalenso lamulo lolembedwa loti mwana wochedwa kapena wosokosa asamatumizidwe kudimbako kukagwira chibalo.