KUKONZA MPANDO WOGWEDERA

Mpando ukayamba kugwedera, anthu ambiri amathamangira nyundo ndi misomali. Koma msomali ung'amba thabwa, ndipo mpando umene ukadakhala zaka zambiri utha msanga. Cofunika ndico kumatanso molumikizira ndi guluu.

Coyamba tidziwe cimene cigwedeza mpando. Pa dzinja matabwa amamwa cinyontho natupa. M'cilimwe amauma nabwerera. Zaka zikapita, guluu aguluka ndipo nsonga ya mtanda iyamba kusewera m'bowo la mwendo. Cotero nyengo yabwino ya nchitoyi ndiyo cilimwe, pamene matabwa ali ouma.

Tiyese kuti mtanda wolumikiza miyendo iwiri ya kutsogolo wamasuka. Lembani cizindikiro pa mtanda ndi pa miyendo, kuti ciri conse cidzabwerere pamalo pace. Tsono gogodani mwendo pang'onopang'ono, mutatsamiza kathabwa pomenyapo, kufikira mtanda utasololoka. Ukakana, yang'anani ngati mulibe msomali wobisika.

Apa ndipo pagona nchito yeniyeni. Palani guluu yense wakale ndi mpeni, pa nsonga ndi m'bowo momwe, kufikira thabwa lioneke loyera, pakuti guluu watsopano agwira thabwa, sagwira guluu mnzace. Wouma kwambiri mumfewetse ndi madzi ofunda, ndipo mudikire kuti pamalopo paume. Cenjerani kuti musaseme thabwa lenileni.

Lowetsani nsonga m'bowo musanapake kanthu. Iyenera kulowa mothina, pokankha ndi dzanja. Ngati isewera, musayese kudzaza mpatawo ndi guluu wambiri, cifukwa guluu woyera wa matabwa alibe mphamvu pa mpata. Kulungani nsongayo ndi ulusi wa thonje wopaka guluu, kapena matanipo kacipale kopyapyala ka thabwa. Pakauma, palani kufikira ilowe bwino.

Tsopano pakani guluu pa nsonga ndi m'bowo, nimulumikize msanga. Ngati mulibe citsulo copanira, zengani cingwe kawiri kuzungulira miyendo iwiriyo pafupi ndi mtanda, mutaika nsanza pa ngondya kuti cingwe cisadye thabwa. Pisani kamtengo pakati pa zingwezo, nimupotoze kufikira guluu atulukire pang'ono molumikizira. Kamtengoko kamangeni ku mtanda kuti kasabwerere. Malegeni nawonso agwira bwino. Guluu wotuluka mumpukute ndi nsaru yonyowa.

Guluu asanaume, imikani mpando pamalo osalala, monga pa simenti, nimuone kuti miyendo yonse yaponda pansi. Mukaiwala ici, mpando udzauma wopendekeka, ndipo kuuongola kudzafuna kuumasulanso. Ikani mwala pamwamba pace, nimuusiye pamthunzi maora 24, wina asakhalepo.

Koma ngati nsonga yathyoka, kapena mkati mwa thabwa muli mphako za ciswe kapena ufa wa afumbwe, guluu sathandiza. Pamenepo pitani kwa kalipentala akuikireni mtanda watsopano. Mpando wonsewo musautaye.